Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Ntchito ya ku Oman

Saluni itatsekedwa, monga ndinafotokozera m'gawo lapita, ndinatsala ndi ngongole ya kubanki m'khonde komanso mwana wa sitandade 4. Ndiye mnzanga wa kukwaya atandiuza kuti pali ejenti wotumiza atsikana ku Oman, mtima unadumpha. Pa WhatsApp ejentiyo anati ndikagwira ntchito mu hotela ku Muscat, malipiro madola 400 pamwezi, malo ogona ndi chakudya zaulere. Anati ndifulumire, malo atsala ochepa.

Ndinapempha kontilakiti kuti ndikawerengere kunyumba. Anayamba wazengereza, amvekere anzanu amangosainira pompano, koma anandipatsa. Madzulo ake ndinapita nayo kwa amalume ku Chilobwe. Iwo anakhalapo kalaliki pakampani ina ya tiyi ku Thyolo, ndipo pepala amaliwerenga ndi pensulo m'manja.

Anayambira pa ndalama. Papepala panalibe madola 400. Panali mariyali 90, ndalama ya ku Oman. Riyali imodzi ndi madola awiri ndi masenti pafupifupi 60, ndiye amalume anachulukitsa kuseri kwa envulopu: madola 234. M'munsi mwake munali mzere wina wakuti miyezi isanu ndi umodzi yoyamba azidzadula mariyali 30 a tikiti ndi viza. Zotsala, mariyali 60, madola 156. Tsiku lolandirira silinalembedwe, ngakhale kunena ngati ndalamayo idzalowa m'manja mwanga kapena idzadzera kwa ejenti.

"Hotela ija ili pati apa, mphwanga?" anandifunsa. Tinafufuza tsamba lililonse. Dzina la hotela panalibe, dzina la bwana panalibe, adiresi panalibe. Pamalo pa mtundu wa ntchito panalembedwa kuti wantchito wa m'nyumba. Izi si zazing'ono, chifukwa lamulo la zantchito la ku Oman siliteteza antchito a m'nyumba monga limachitira ndi a mu hotela. Nthawi imeneyo maola ogwira ntchito ndi tsiku lopuma zinkadalira zimene zalembedwa, ndipo pa pepala langa panalibe chilichonse.

Za pogona panali mawu ochepa chabe, akuti malo adzaperekedwa. Amalume analemba mafunso m'mbali: chipinda chako kapena pansi m'khitchini? Chitseko chimakiyidwa mkati? Foni udzakhala nayo? Ukadwala alipira ndani?

Koma pamene anakhalitsa, mpaka tiyi wawo kuzizira, ndi pa ndime yonena za kusiya ntchito. Inati ndikasiya zaka ziwiri zisanakwane, ndidzabweza ndalama zonse zimene bwana anawononga ponditenga. Zingati? Sanalembe. Ngakhale bwanayo atamandimenya kapena kundimana malipiro, ndimeyo sinasiyanitse. Ku Oman ndi maiko oyandikana nawo kuli dongosolo lotchedwa kafala: viza yako imamangiriridwa kwa bwana amene anakuitana. Ukachoka panyumba pake popanda chilolezo, akhoza kukakunenera kupolisi kuti wathawa, ndipo wolakwa amakhala iwe. Pasipoti nayo mabwana ambiri amalanda ukangofika, ngakhale malamulo a kumeneko amaletsa. Ndiponso Malawi alibe ofesi ya kazembe ku Oman komwe ungathamangire usiku. Mtsikana wopanda pasipoti, wa ngongole yosadziwika kukula kwake, amakhala ngati mbuzi yapachingwe: amazungulira pomwepo. Pambuyo pake tinadzamva pawailesi za amayi a ku Malawi kuno amene anavutikira ku Oman mpaka boma kulowererapo kuti abwerere, ndipo nkhani zawo zinkafanana ndi ndime imeneyi.

M'mawa amalume anavala jekete, tinapita limodzi kuofesi ya ejenti. Analankhula mwaulemu. Anapempha kuona chiphaso chosonyeza kuti ofesiyo ndi yovomerezeka ndi unduna wa zantchito. Anapempha kuti m'kontilakiti alembemo dzina ndi adiresi ya bwana, madola 400 aja, tsiku lopuma, kuti pasipoti ndidzasunga ndekha, ndi kuti ndikhoza kusiya ntchito nditapereka chidziwitso cha mwezi umodzi, tikiti yobwerera ili ya bwana.

Ejenti anati zonsezo zili mu kontilakiti ina imene ndikasainire ndikafika.

"Ili m'chilankhulo chanji?"

"Chiluya, koma akamumasulira."

"Tipatseni tiione lero, tipeza wotiwerengera kumzikiti."

Anati alibe. Kenako anatembenukira kwa ine n'kunena kuti ndisiye pasipoti kuti ayambe kukonza viza, zinazo tikambirana bwino. Pasipotiyo inali m'chikwama changa, ndipo ndinaigwira mwamphamvu kunja kwa nsalu. Ndinamuuza kuti ndidzabwera nayo tsiku limene mapepala onse awiri adzakhale patebulo.

Sanaimbenso. Ndinalira m'minibasi pobwerera, chifukwa ngongole ija inali ikundidikirabe, ndipo amayi a gulu anali atanena kale kuti Loweruka abwera kudzatenga makina anga osokera. Za Loweruka limenelo ndidzafotokoza m'gawo 10.