Pampu ya kudimba imene inabwerera ku shopu kwathu

Shopu yathu ili pa Mangochi Boma, chapafupi ndi msewu wotsikira ku mlatho wa Bakili Muluzi. Ndi chipinda chimodzi, benchi imodzi, batire la galimoto pansi pa benchiyo, ndi khonde pamene amalume anga amakhala akupunga mphepo. Ntchito yathu ndi mamota oyendera batire: masitata a maminibasi, mamota a waipa, mafani a ladiyeta, ndiponso mapampu a sola amene alimi a m'mbali mwa Shire ndi nyanja ya Malombe ayamba kuwakonda. Amalumewo ndi amene anali ndi luso, anagwira ntchito yokulunga mamota ku Blantyre mpaka maso atayamba kufooka. Ine ndinali ndi kandalama kochokera ku geni ya usipa, komanso kudzikhulupirira kopitirira muyeso.

Chaka choyamba ndinkaganiza kuti matenda a mota iliyonse ndi mabulashi, timakala tija timene timapatsira magetsi ku chimtima chozungulira cha mota. Ukatsegula, n'kupeza atha, ukaika atsopano mota n'kulira, kasitomala n'kulipira. Ndinkadya bwino ndithu, mpaka tsiku limene bambo wina wa ku Chimwala anabwera ndi pampu ya mavolti 12 atamangirira pa kaliyala ya njinga. Unali Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, tomato wawo akufota kudimba. Mabulashi anali atatsala ngati chikhadabo. Oyenera ndinalibe, ndiye ndinachita zimene ambiri amachita: ndinaswa batire lakale la tochi, n'kutenga kamtima kakuda kaja, n'kukapala mpaka kutalowa. Pampu inalira, bambo aja anapita akusekerera.

Patangotha masabata awiri anabweranso, nkhope ili gwa. "Achimwene, ndalama zija munadya zaulere. Ikulira ngati ikukazinga chimanga chouma, ndipo madzi akungodontha." Nditatsegula, fungo la chinthu chopserera linandilandira. Komyuteta, kamphete kaja ka tizidutswa ta kopa pamene mabulashi amatsetsereka, inali yakuda, yokandikakandika. Amalume anaitenga, n'kuyendetsa chikhadabo mozungulira, ndipo tonse tinamva kuti "te, te, te". Anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Iwe, unayeza kuti ikudya maampu angati?" Ndinangokhala chete.

Madzulo a tsikulo, kasitomala atapita kukagona kwa achibale ku M'baluku, amalume anandikhazika pansi ndi amecha m'manja, chimtima chija chozungulira chokulungidwa mawaya. Zimene anandiuza ndizifotokoze m'mawu anga.

M'khoma mwa mota ya pampu ngati imeneyi muli maginito awiri oyang'anizana. Waya wodutsa magetsi ukakhala pakati pa maginito, umakankhidwira cham'mbali. Mphamvu ya kukankhako imalembedwa `F = B × I × L`, kutanthauza kuti imakula ndi nyonga ya maginito, kuchuluka kwa maampu odutsa mu waya, ndi kutalika kwa waya umene uli pakati pa maginitowo. Koyilo iliyonse ya pa amecha ili ndi mbali ziwiri. Mbali ina magetsi amapita, mbali inayo amabwerera, ndipo mbali ziwirizi zili pansi pa maginito osiyana. Choncho ina imakankhidwira kumwamba, ina pansi, monga anthu awiri opotokola chitseko cha mpopi waukulu wina uku wina uko. Kupotokola kumeneko ndiye toki. Popeza maginito ndi kutalika kwa waya sizisintha, toki ya mota yotere imangotsata maampu basi. Katundu akalemera kawiri, mota imafuna maampu pafupifupi kawiri.

Vuto ndi lakuti koyilo ikazungulira theka, mbali imene inali pansi pa maginito a kumanja imapezeka pansi pa a kumanzere. Magetsi akapitiriza kuyenda njira yomweija, koyiloyo iyamba kukankhidwa mobwerera, ndipo amecha ingogwedezeka n'kuima. Pamafunika wina wotembenuza magetsi mu koyilo nthawi yeniyeni imene ikudutsa pakati, pamene maginito alibe mphamvu pa iyo. Ntchito imeneyo ndi ya komyuteta ndi mabulashi. Nsonga za koyilo iliyonse zimamangidwa ku tizidutswa tiwiri toyandikana ta kopa, ndipo tizidutswato tikadutsa pansi pa bulashi, magetsi mu koyilo amatembenuka okha. Dzina loti bulashi, amalume anati, linatsalira kuyambira kale pamene ankagwiritsa ntchito timitolo ta mawaya a kopa tooneka ngati mswachi, asanayambe kuumba za makala ndi galafaiti.

Ndiye n'chifukwa chiyani pamathetheka moto? Apa ndi pamene ndinatsegukira maso, chifukwa amalume anandiwerengetsa. Komyuteta ya pampuyo inali ndi tizidutswa 12. Mota ikamazungulira maulendo 3000 pa mphindi, ndiye kuti 50 pa sekondi, ndipo bulashi iliyonse imawoloka tizidutswa 600 pa sekondi imodzi. Pamene bulashi yaponda tizidutswa tiwiri nthawi imodzi, koyilo ya pakati pawo imakhala yalumikizidwa yokhayokha, ndipo m'kanthawi kochepetsetsa kameneko magetsi ake ayenera kuima, n'kuyamba kuyenda mobwerera. Koma koyilo yokulungidwa pa chitsulo ili ndi mwano: imakana kuti magetsi ake asinthe mwadzidzidzi. Zili ngati bwato la injini lothamanga pa Shire, sungalitembenuze pomwepo. Kachidutswa ka kopa kakamachoka pansi pa bulashi kutembenukako kusanathe, magetsi otsalawo amalumpha kampata kaja mumpweya. Kulumphako ndiye timoto timene timaoneka kumchira kwa bulashi. Maampu akachuluka, otembenuzidwa amachulukanso, ndipo moto umakula. Kuwonjezera apo amecha nayo imasanduka maginito akeake amene amapotoza mphamvu ya maginito a m'khoma, kotero malo abata aja amasuntha pomwe bulashi ili pompaja. Mamota akuluakulu a m'mafakitale amawaikira timakoyilo tapadera pakati pa maginito kuti tithetse zimenezi. Pampu ya kudimba ilibe, imangodalira bulashi yabwino ndi katundu woyenera.

Timoto tating'ono tabuluu m'mphepete mwa bulashi si matenda. Oopsa ndi aja achikasu othetheka ngati akunola chikwanje pa galainda, kapena ozungulira komyuteta yonse.

Kutacha tinayeza. Pa chikwangwani cha pampu panalembedwa maampu 6. Titailumikiza ku batire ndi ndowa ya madzi, mita inaonetsa 10. Tinachotsa mutu wa pampu kuti mota izungulire yokha popanda katundu, inadyabe maampu 4, pomwe yabwino ya msinkhu umenewo ingadye imodzi kapena kupitirirako pang'ono. Ndinapotokola shafiti ndi zala, inali yolimba, ikukhulukuta. Belingi ya kumbuyo inali italowa mchenga. Mchenga wa kuno aliyense akuudziwa, umalowa ndi m'nsima momwe.

Chimene chimachitika ndi ichi. Amecha ikamazungulira pakati pa maginito imapanga mavolti akeake olimbana ndi a batire, monga dainamo ya njinga. Maampu olowa amadalira kusiyana kwa awiriwa: `I = (V − E) / R`. Apa I ndi maampu, V ndi mavolti a batire, E ndi mavolti obwezedwa ndi amecha, ndipo R ndi kukaniza magetsi kwa mawaya, kumene timayeza m'maomu. Mawaya a amecha ija ndi mabulashi ake anali ndi maomu pafupifupi 0.4. Pa maampu 6, mota imakhala ikubweza mavolti 9.6 mwa 12 aja. Belingi ikaigwira n'kuchepetsa liwiro, obwezedwawo amatsika kufika 8, ndipo maampu amakwera kufika 10. Itaimiratu, palibe chobweza, ndipo pangadutse maampu 30. Kutentha nako sikukwera mwaulemu, kumatsata maampu ochulukitsidwa ndi iwo okha: mawati 14 pa maampu 6, koma 40 pa maampu 10. Pafupifupi katatu, m'dzuwa la Mangochi, pampu itatsekeredwa m'kabokosi kuopa akuba. Mabulashi oyamba aja sanathe ndi ukalamba, anapsa.

Ine ndinangowonjezera moto. Komyuteta yathanzi imakhala ndi kakhungu kofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, kopangidwa ndi galafaiti wa bulashi, dzimbiri lopyapyala la kopa ndi chinyezi cha mumpweya. Kakhungu kameneka ndi kamene bulashi imatererapo. Mtima wa batire la tochi ndi wouma, sunaumbidwire kutsetsereka, ndiye unapala kakhunguko n'kuyamba kudya kopa. Pakati pa tizidutswa ta kopa pali zotchinga za maika, zimene sizitha msanga ngati kopayo. Kopa atatsika, maika anatsala atatukuka, ndipo "te, te, te" uja anali ameneyo. Bulashi imadumpha pa chitunda chilichonse, maulendo 600 pa sekondi, ndipo kudumpha kulikonse ndi moto, moto uliwonse n'kukumba kopa mowonjezera. Masipuling'i nawo anali atafooka ndi kutentha, osathanso kukanikiza bulashi. Ambiri amaganiza kuti sipuling'i yofewa imasunga bulashi. Ayi, imaidyetsa ku moto. Yolimbitsitsa nayo imaipera.

Tisanataye nthawi tinafuna kudziwa ngati makoyilo anapulumuka. Mita zotchipa siziwerenga bwino maomu ochepa chonchi, ndiye amalume ali ndi njira yawo. Amadutsitsa magetsi a batire kudzera m'babu la galimoto kulowa m'komyuteta mbali ziwiri zoyang'anizana, kenako n'kumayeza timavolti pakati pa kachidutswa kalikonse ndi kanzake. Zikafanana kuzungulira konse, amecha ili bwino. Pakatsika kufika pafupi ndi ziro, koyiloyo yagundana mkati. Pakakwera kwambiri, yaduka, ndipo nthawi zambiri diso limakhala laona kale, chifukwa koyilo yoduka imatentha tizidutswa tiwiri tokha toyandikana, ena onse ali bwinobwino. Ya bambo aja inali yakuda mofanana konsekonse, ndipo miyezo inafanana. Mwayi wanga.

Tinasintha belingi. Komyuteta tinakaisetetsa pa makina osemera zitsulo kwa mnzathu wina, kungochotsa kakhungu kochepa kuti ibwerere kukhala yozungulira bwino. Maika ndinawakumba ndekha ndi kampeni kosula ku lezala la hakiso, mpata uliwonse kuzama kosafika milimita imodzi, n'kuuzira fumbi lonse kuti lisalumikize tizidutswa. Posalaza tinagwiritsa sandipepa wofewa wa matabwa, osati nsalu yakuda ija yopalira zitsulo, chifukwa timchenga take timadutsa magetsi ndipo timakanirira m'mipata. Mabulashi enieni ndi masipuling'i tinachotsa pa mota ina yofanana imene inapsa makoyilo. Kuti akhale bwino, amalume anakulunga sandipepa pa komyuteta, kokhakhala kuli kunja, n'kumapotokola pang'onopang'ono mpaka nkhope ya bulashi itatenga kupindika kwa kopa. Bulashi yogunda ndi ngodya yokha imadutsitsa maampu onse pa kamalo kochepa, n'kuyambanso kupsa tsiku loyamba lomwelo.

Yopanda katundu inadya ampu imodzi ndi theka. Ndi madzi, 6. Tinaikira fyuzi ya maampu 10 pa waya wa batire, ndipo ndinawapempha bambowo kuti aboole kabokosi kaja kuti mphepo izilowa, ndi kuika pampu pa njerwa, osati pa mchenga. Ndalama sindinalandire, inali ngongole yanga. Iwo anabwera ndi dengu la tomato mu Disembala.

Kuyambira pamenepo mota ikafika pa benchi yathu timayamba ndi mita, sikuludilaiva pambuyo, ndipo maampu timalemba m'kope pamodzi ndi tsiku. Madalaivala a maminibasi ena zimawakwiyitsa, amafuna mabulashi a sitata msangamsanga kuti akanyamule anthu a ku Monkey Bay, ndipo ena amapitadi kwina. Pampu ya ku Chimwala ija inabweranso patatha nyengo ziwiri za dimba, mabulashi atafupika mofanana onse awiri, komyuteta ili ndi kakhungu kake ka tiyi. Mnyamata amene tikumuphunzitsa ntchito anaisintha yekha, amalume akumuyang'anira ali pakhonde.