Lolemba: masabata awiri atsala, intigireshoni yonse ili pa tebulo

Lero taimutebulo yatuluka, pepala la kakyulasi lili pa sabata ziwiri zikubwerazi, ndiye masana ndinakhala pansi ndi mnzanga ku laibulale kugawa masiku. Masiku awiri oyamba ndi a mafomyula oyambira ndi sabusitityushoni, awiri otsatira bayi patsi, kenako awiri a tirigi (apa ndi pomwe √(a² − x²) imafuna x = a sin θ), awiri ena pashiyo fulakishoni, tsiku la 9 ma intigiro aja a malire opita ku ∞. Kuyambira tsiku la 10 mpaka la 13 buku titseka, tizingopanga mapasti pepa osakaniza titatchera wotchi. La 14 kungowerenga zomwe tinalakwitsa basi, n'kugona msanga.

Mnzanga amafuna tipitirize mutu ndi mutu mpaka tsiku lomaliza koma ine ndakana, chifukwa m'buku mutu umakuuziratu njira, pomwe m'mayeso funso limangobwera lokha palibe okunong'oneza kuti apa ndi bayi patsi. Ndinamulembera mafunso awiri ofanana nkhope: ∫ x·e^(x²) dx ndi ∫ x·e^x dx. Onse awiri anawalowera ndi bayi patsi, loyambalo linamukanika chifukwa e^(x²) payokha siyitheka ndi njira zathu za m'kalasizi.

Loyambalo ukaliyang'anitsitsa, x² ukaidifarensheta imapereka 2x, ndipo x uja ali kale panja akudikira, ndiye u = x², du = 2x dx, yankho ½e^(x²) + C, mizere itatu yokha. Lachiwirilo mulibe chobisala chotero, ndi zinthu ziwiri zosiyana mtundu zochulukitsana, apa ndiye bayi patsi: u = x poti ukaidifarensheta imasanduka 1, dv = e^x dx, yankho x·e^x − e^x + C. Ukatembenuza n'kutenga u = e^x umapezeka uli ndi x²/2 mkati, funso lakula m'malo mochepa, ukangoona choncho dziwa kuti wasankha molakwika, bwerera.

Titaika malire 0 ndi 2 pa loyamba lija panatulukanso china. Ukasintha kupita ku u malire nawonso asinthe, akhale 0 ndi 4, yankho (e⁴ − 1)/2. Iye anasiya 2 n'kupeza (e² − 1)/2, ntchito yonse ili bwino koma mamakisi apita, zimandiwawa kwambiri zimenezi.

Tagwirizana kuti tsiku lililonse yankho lopanda malire tizilidifarensheta tione ngati likubwezera funso, x·e^x − e^x inatipatsa x·e^x ndendende. Mawa 7 koloko tikuyamba ndi mafunso 15 a sabusitityushoni, asanu akhale a malire.