Lachitatu: ngongole ya achemwali ndi kompyuta yosafotokoza chifukwa

M'mawa ndinadzera kumsika kukaona achemwali. Ndinawapeza pa benchi lawo la tomato ali ndwii, foni ili m'manja. Dzulo anapempha ngongole ya pafoni yoti akaodere madengu awiri, koma pasanathe mphindi uthenga unabwera woti sakuyenera. Ataimbira kampaniyo, woyankha anati, "Mayi, yagamula ndi kompyuta, ife sitingasinthe."

Mawu amenewa anandikhala pamtima mpaka masana, pamene ine ndi anzanga atatu tinakhala pansi kukambirana mmene dziko ngati lathu lingayambire kulemba malamulo a makompyuta oganiza okha.

Tinayamba ndi lamulo la mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, limene linayamba kugwira ntchito pa 1 Ogasiti 2024. Chimene ndimalikondera n'chakuti siliyeza kuchenjera kwa makina, limayeza zimene zingamuchitikire munthu makinawo akalakwitsa. Ntchito zina analetseratu, monga kupatsa nzika mamalikisi potengera khalidwe lawo kenako n'kumazisala. Zina anati n'zoopsa kwambiri ndipo ziziyang'aniridwa: kusankha anthu olembedwa ntchito, kulandira ana m'sukulu, komanso kuyeza ngati munthu akuyenera ngongole. Pulogalamu yocheza ndi anthu ingoulula kuti si munthu. Yosefa makalata achabechabe anangoisiya.

Nkhani ya achemwali, ndiye kuti, ili m'gulu lachiwiri lija.

Mnzanga wina anati tingokopera lonse. Ndinakana. Lamulo lija limadalira mabungwe ndi akatswiri oyeza makina, amene ife sitingawalipire mawa lino, ndipo lamulo lopanda wolilondoloza limangothera m'kabati. Tiyambire pa zimene tili nazo. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024 lilipo kale, ndipo woliyang'anira ndi MACRA. Obwereketsa ndalama ali kale pansi pa Banki Yaikulu ya Malawi. Chosowa si ofesi yatsopano ayi, koma kaundula mmodzi, woti aliyense wogwiritsa ntchito makinawa pa ngongole, ntchito, sukulu kapena chipatala alembemo chimene makinawo amagamula, amene anawapanga ndi komwe anaphunzirira.

Funso lomalizali ndilo lalikulu. Makina amene anaphunzira pa anthu olandira malipiro kubanki mwezi ndi mwezi adzaona achemwali ngati munthu wopanda ndalama, chifukwa zawo zimabwera pamanja, zochuluka nyengo ina, zochepa nyengo ina. Njira yozindikirira si yodula. Banki Yaikulu ingalamule kampani kuti miyezi itatu iliyonse izionetsa chiwerengero cha okanidwa, amayi paokha, abambo paokha, akumudzi ndi am'tauni. Kusiyana kukakula, kampani ifotokoze.

Tisanabalalike ndinalemba ndime imodzi: wokanidwa auzidwe kuti yagamula ndi kompyuta, apatsidwe chifukwa m'chilankhulo chimene amamva, ndipo akadandaula munthu weniweni aunikenso.

Madzulo ndinawawerengera achemwali ndimeyo pafoni. Anafunsa kuti munthu wounikayo aziyankha pakatha masiku angati, poti tomato sadikira. Zimenezo sitinaziganizire. Ndalemba masiku atatu, mawa ndikawauze anzanga.