Mmene ndidalumikizira makina akale a DVD ku kanema wamakono

Amalume anga a ku Mufakose, mumzinda wa Harare, atagula kanema watsopano, adandiitana kuti ndikawalumikizire makina awo akale a DVD, chifukwa zimbale za ukwati wa mwana wawo ndi za kwaya ya kumpingo amazisunga mosamala kwambiri, ndipo alendo ochokera ku Malawi akafika pakhomo safuna kuti abwerere asanazione. Makinawo ali ndi nthambo ya mitu itatu mbali iliyonse. Mutu wachikasu umanyamula chithunzi, woyera umanyamula mawu a kumanzere, ndipo wofiira umanyamula mawu a kumanja.

Ndidayamba ndi kutembenuza kanemayo ndi kuwerenga zolembedwa pa mabowo onse a kumbuyo, ndipo aliyense ayambire pomwepa asanatulutse ndalama. Akanema ena amakono ali ndi kabowo kamodzi kakang'ono ka mamilimita 3.5 kolembedwa AV IN, komwe kamafuna kanthambo kakafupi kogawika patatu. Kanthamboko kayenera kukhala kogwirizana ndi mtundu wa kanemayo, popeza opanga amalumikiza mawaya a mkati mosiyanasiyana, ndipo kolakwika kamangobweretsa phokoso long'ung'uza popanda chithunzi. Akanema ena ali ndi bowo lobiriwira lolembedwa Y/VIDEO lomwe limalandiranso mutu wachikasu, koma pa rimoti muyenera kusankha AV, chifukwa mukasankha Component chithunzi chimatuluka chopanda mitundu. Kanema wa amalume adalibe zonsezi. Adali ndi mabowo awiri a HDMI, limodzi la USB ndi la mlongoti basi.

Apa ndiye panafunika kabokosi komasulira, chifukwa uthenga woyenda mu nthambo yachikasu ndi wa mtundu wina kotheratu ndi umene bowo la HDMI limamva, kotero kuti nthambo wamba yokhala ndi mitu itatu mbali ina ndi HDMI mbali inayo, yopanda kabokosi pakati, singathandize kanthu. Ndidapita m'tauni, ndipo wogulitsa wina adandipatsa kabokosi koyera kokhala ndi mabowo onse amene ndinkafuna. Nditafika kunyumba ndidalumikiza zonse, koma kanema ankangolemba No Signal. Nditayang'anitsitsa ndidaona kuti pamwamba pake padalembedwa HDMI2AV. Timabokosi timeneti timagwira ntchito mbali imodzi yokha, ndipo aka kadali kotenga chithunzi cha HDMI kupita nacho ku kanema wakale. Kofunika kwa ife kadali AV2HDMI, komwe mawu akuti Input ali ku mabowo atatu aja ndipo Output ali ku HDMI. Tiwiriti timafanana maonekedwe ngati mapasa, choncho werengani zolembedwazo mudakali m'sitolo. Ine ulendo wa kombi ndidauyenda kawiri.

Kabokosi koyenera katapezeka, ndidazimitsa zonse ndi kuyamba ndi kumbuyo kwa makina a DVD. Mutu wachikasu ndidaulowetsa pa VIDEO OUT, woyera pa L, wofiira pa R. Pafupi pomwepo pali bowo lina lolembedwa COAXIAL lomwe pa makina a amalume ndi lofiirira ngati lalanje, ndipo m'chipinda cha mdima n'kosavuta kulisokoneza ndi lachikasu, koma ilo silinyamula chithunzi. Mitu itatu ya mbali inayo idalowa m'kabokosi motsata mitundu, kenaka nthambo ya HDMI idachoka m'kabokosi kupita pa HDMI 2. Kabokosika kamafunanso magetsi akeake a mavoti 5 kudzera pa kanthambo ka USB. Ndidakalumikiza ku bowo la USB la kanema kuti kazizima limodzi naye, ngakhale kuti chaja ya foni imagwiranso ntchito bwino lomwe. Nditadina Source pa rimoti ndi kusankha HDMI 2, chithunzi chidatuluka.

Padatsala zinthu ziwiri. Mu Setup ya makina a DVD ndidaika TV System pa PAL, yomwe ndi njira imene Zimbabwe ndi Malawi akhala akugwiritsa ntchito, ndipo apa ndi poyamba kuyang'ana chithunzi chikamagudubuzika kapena mitundu ikasowa. Chachiwiri chidali chakuti anthu onse a paukwati ankaoneka aafupi ndi onenepa, chifukwa kabokosi kadatambasula chithunzi cha 4:3 kuti chidzaze galasi la 16:9. Ndidasankha 4:3 pa kanema, m'mbali mudatsala mizere yakuda koma nkhope zidabwerera mwakale.

Amalume adandifunsa kuti, “Mphwanga, nanga chithunzichi sichikuwala ngati cha mpira bwanji, pomwe kabatani ka pa kabokosika kali pa 1080p?” Ndidawayankha kuti, “Amalume, nthambo yachikasu imanyamula mizere 576 yokha, ndipo kabokosi kamangoikulitsa, sikawonjezera zimene mulibe m'chimbale.” Tidayesa kabataniko pa 720p, tidaona kuti kusiyana kwake n'kochepa, ndipo tidakasiya pomwepo. Kenaka adaitana azakhali kukhitchini kuti adzaone akwati akutuluka m'tchalitchi.