Foni ya azakhali yomangolira kuti malo atha

Sabata ino pa tebulo langa losewererapo mafoni panafika ya azakhali a ku Katete, ya 32 GB, yomangolemba kuti malo atha. "Mwanawe, zithunzi ndafufuta zambirimbiri, nanga ikufunanso chiyani?" anatero pondipatsa.

Pa 32 GB ija, gawo lalikulu ndithu limakhala litatengedwa kale ndi mapulogalamu oyendetsa foni, ndipo pamenepo sitikhudzapo. Ndinatsegula Settings, kenako Storage, kuti ndione chadya malo otsalawo. Zithunzi zinali zochepa. Mavidiyo ndiwo anali atadzaza.

Zimene azakhali anafufuta zinali zisanachoke n'komwe. M'mafoni ambiri, chithunzi ukachifufuta chimakagona mu Trash kapena Recycle bin masiku 30, malo ake chikadagwirabe. Tinayang'anamo limodzi, anabweza ziwiri za adzukulu, zotsalazo ndinataya.

Ntchito yeniyeni inali mu WhatsApp. Azakhali ali m'gulu la kutchalitchi, la kopaletivu ya feteleza ndi la pabanja, ndipo vidiyo iliyonse yoponyedwamo foni inkaikopera yokha. Ya Gule Wamkulu wa pa Kulamba ku Mkaika ndinaipeza katatu, popeza gulu lililonse wina anaitumizamo. Njira yofufutira mu WhatsApp momwemo ndi Settings, Storage and data, Manage storage. Pamenepo pali mulu wolembedwa Larger than 5 MB ndi wina Forwarded many times, ndipo munsi mwake magulu andandalikidwa kuyambira lodya malo kwambiri. Ndimakonda kufufutira pamenepa kusiyana ndi kulowa m'mafoda, chifukwa chinthu umachiona kaye usanachitaye. Tinapulumutsa malo opitirira 6 GB.

Koma ukalekera pomwepo, pakatha mwezi foni iyambanso kulira. N'chifukwa chake pa Media auto-download ndinachotsa chizindikiro pa Videos ponse patatu: pa data, pa Wi-Fi ndi pa roaming. Tsopano vidiyo imalowa pokhapokha iwo aikhudza, ndipo bando yawo idzakhalitsako.

Malo oopsa ali mu Settings ya foni, Apps, pamene ukasankha pulogalamu n'kulowa mu Storage, mabatani awiri amakhala moyandikana. Clear cache imangochotsa zinthu zosungidwa kwa kanthawi, monga zithunzi zimene Facebook yakuonetsa kale. Palibe chako chimatayika, ngakhale zimadzazanso pang'onopang'ono. Clear data, mafoni ena amalemba Clear storage, imabwezera pulogalamu mmene inalili tsiku loiika. Ukaidina pa WhatsApp, mauthenga amatha kupita onse ngati sanasungidwe ku Google Drive. Ndisanakhudze foni ya munthu ndimayamba ndaona tsiku lolembedwa pa Chat backup mu WhatsApp, lomwe mauthenga anasungidwa komaliza.

Mapulogalamu odzitcha otsuka foni, aja odzaza ndi zotsatsa malonda, sindiwakhulupirira. Azakhali anali nawo awiri, ndinawachotsa. Chatsala n'kugula memore khadi ku msika wa Kapata kuti zithunzi za ukwati zisamukire kumeneko, ndipo ndidzazitsegula kaye pa khadipo ndisanafufute za m'foni.