Kabuku kofotokoza za sukulu yathu katuluka, koma ofesi ya zachuma inandionetsa zakuda

Kabuku kakale kankayamba ndi uthenga wa ahedi, masamba awiri athunthu, kenako mbiri ya sukulu. Fizi inali kumapeto kwenikweni, m'timalemba tofuna magalasi. Makolo ankangoimba foni kufunsa zomwe zinalimo kale.

Ndinasuntha fizi n'kuiika pa tsamba loyamba mukangotsegula chikuto. Kusunthako sikunavute, chovuta chinali kupeza nambala yeniyeni. Ku ofesi ya zachuma anandipatsa fizi ya teremu pakamwa. Nditafunsa ngati ndalama ya mayeso ilimo, akuti "imeneyo ndi yapadera". Ya yunifolomu? Yapadera. Yolembetsera mwana watsopano? Funsani abwana, ndipo abwanawo ali ku msonkhano. Tsiku lonse linathera pabenchi, ine chidikirire. Mawa lake munthu wina wa mu ofesi yomweyo anatchula nambala ina. Abale, musalandire fizi pakamwa. Akulembereni papepala, asaine, aikepo deti.

Patsambapo ndinalekanitsa ogonera ndi oyendera. Pansi pa gulu lililonse pali zolipira teremu iliyonse, zolipira kamodzi kokha polowa, ndi zomwe kholo lingasankhe monga basi ya sukulu. Kenako nambala imodzi yakuda bii: zonse pamodzi pa teremu yoyamba. Kholo limafuna imeneyo, osati kuwonkhetsa lokha.

Zotsatira za mayeso ndinakangana nazo ndi aphunzitsi ena, amene ankafuna tingolemba peresenti ya chaka chimene tinachita bwino. Peresenti payokha imabisa zambiri. Mwachitsanzo, ana 18 atakhoza mwa 20 ndi 90 peresenti, koma ngati kalasi inali ya ana 35 ndipo 15 sanalembe, kholo lochenjera lifunsa komwe anapita. Choncho tinaika olemba, okhoza, ndi zaka zitatu zotsatizana, chaka choipa chomwe.

Ndaiwala, fiziyo mulembenso kuti ndi ya chaka chiti. Kabuku kamakhalitsa m'nyumba za anthu, ndipo wina adzabwera nako fizi itakwera kale. Pepala losainidwa lija ndi limene lidzakuomboleni.

Pa zosiyanitsa sukulu yathu ndi zina, ndinkaphimba dzina la sukulu ndi chala n'kuwerenga chiganizo. Chikamveka choti sukulu iliyonse inganene, monga "maphunziro apamwamba" kapena "mwambo wabwino", ndinkafufuta. Zinatsala ndi zogwirika: kalasi imakhala ndi ana angati, laibulale imatseka nthawi yanji, ana obwerera m'mbuyo amathandizidwa liti.

Tisanasindikize ndinatumiza PDF kwa makolo angapo osadziwa sukuluyi, kuti apeze fizi pafoni. Mmodzi anachita kukulitsa tsamba ndi zala, mizere ya fizi itathithikana, ndiye tinakulitsa malemba n'kuchotsapo chithunzi cha geti. Uthenga wa ahedi unatsala ndime imodzi pa tsamba lomaliza, ndipo mpaka pano sakundiyankha moni bwinobwino.