Sabata yachisanu pa Chisiriyaki: mawu awiri okha andidyera madzulo onse

Lero ndasiya kaye kuloweza zilembo 22 za Chisiriyaki, chinenero chakale cha Akhristu a ku Siriya ndi madera oyandikana nawo, ndayesa kuwerenga zenizeni. Ndasankha poyambira pemphero la Atate Athu, Mateyu 6:9, poti tanthauzo ndikulidziwa kale:

ܐܒܘܢ ܕܒܫܡܝܐ

Kuyambira kumanja kupita kumanzere dzanja lazolowera tsopano. Chomwe chandipusitsa ndi mipata. Zilembo za Chisiriyaki zimagwirana, koma zisanu ndi zitatu zimakana kugwira chilembo chobwera pambuyo pake: Alafu, Dalati, He, Wawu, Zayini, Sade, Rishi ndi Tawu. M'liwu loyamba, Alafu waima payekha, Beti wagwira Wawu, Wawu wakana Nuni, ndiye Nuni wangolendewera ndi mchira wake. Ine m'kope mwanga ndinadula pamenepo n'kukhala ndi mawu atatu. Liwu ndi limodzi, abun, Atate athu. Liwu lachiwiri nalonso chimodzimodzi: Dalati wataya anzake, koma ndi wa pomwepo, ndiye "amene" wa "amene muli kumwamba".

Kenako mavawelo. Ndaika masamba awiri patebulo, lina la kalembedwe ka kumadzulo, Serito, lina la kum'mawa, Madinihaya. Akumadzulo anabwereka tizilembo ta Chigiriki tisanu, amatikhazika pamwamba kapena pansi pa chilembo. Akum'mawa amagwiritsa ntchito madontho okhaokha. Kadontho kamodzi pamwamba ndi kena pansi ndi "a" wamfupi, ngati wa pa Alafu wa abun. Madontho awiri opendekeka pamwamba ndi "a" wautali.

Vawelo yautaliyi ndi yomwe yandisangalatsa. Ili pa Yudi, chilembo chachiwiri kuchokera kumapeto kwa liwu lachiwiri, m'chigawo chotanthauza "kumwamba". Akum'mawa amati shmayya, akumadzulo pomwepo amaika kachizindikiro kochokera ku "o" wa Chigiriki n'kumati shmayo. Zilembo zake n'zomwezo, pakamwa pokha ndi pomwe pasiyana.

Tsamba la kum'mawa landituluka thukuta chifukwa si kadontho kalikonse kali vawelo. Ka pansi pa Dalati n'kobadwa nako. Ukakakweza pamwamba wasanduka Rishi. Ka pansi pa Beti kamafewetsa chilembocho, n'chifukwa chake akum'mawa amatchula awun. Ka pansi pa Wawu ndiye vawelo tsopano, "u". Mu awun tiwiri tomalizati tayandikana, ndipo pepala langa losindikiza ndi inki yotha lija linawonjezerapo kachitatu. Ndinalimbana nako mphindi khumi ndisanakapale ndi chikhadabo n'kuona kuti n'kachitsotso.

Njira yomwe yandithandiza: ndikumakopera zilembo zokha ndi pensulo, kenako madontho obadwa nawo, mavawelo pomaliza ndi cholembera chofiira. Kwa ine woyamba kumene, tizilembo ta Chigiriki n'tosavuta kuona, ngakhale Serito weniweniyo ndi woonda moti Dalati amangooneka ngati kampumiro. Mawa ndipitiriza ndi mawu awiri otsatira, a "dzina lanu liyeretsedwe". Muli Tawu ndi Dalati, ndiye mipata ina ikundidikira.